Mawu a pa kapepala koitanira anthu ku tsiku loyezetsa mwaulere ku Mbare

Funso: Ndili mu komiti yothandiza pa kiliniki yathu kuno ku Mbare, mumzinda wa Harare. Loweruka pa 14 Malichi tidzakhala ndi tsiku loyeza BP, shuga, HIV, TB ndi khomo la chiberekero mwaulere. Manesi adzakhalapo anayi, ndipo timizere toyezera shuga tilipo 100. A Chishona ndi a Chingerezi alemba kale zawo, ine andipatsa za Chichewa kuti agogo athu ndi anzathu a ku mabeliyo, magulu othandizana pa maliro, amve. Ndalemba kuti: "Chidziwitso! Kudzakhala kuyeza matenda osiyanasiyana kwaulere pa kiliniki kuyambira m'mawa. Aliyense ndi wolandiridwa. Thanzi lanu ndi chuma chanu." Kodi zili bwino, kapena ndiwonjezere chiyani?

Yankho:

Mayi, Chichewa chanu chilibe vuto, koma kapepalako sikanakonzeke kupita kosindikiza. Mzere umene ndikufuna tiugwire poyamba ndi wakuti "aliyense ndi wolandiridwa". Umamveka waulemu, ndipo ndi umene umasokoneza masiku otere kuposa mzere wina uliwonse. Munthu akawerenga "aliyense" samva kuti akuitanidwa iyeyo. Bambo wa zaka 52 amene amakankha ngolo ku msika wa Mbare Musika, yemwe BP yake sinayezedwepo, amaona ngati ndi za azimayi ndi ana. Amene amadzuka mbandakucha kukagwira mzere ndi aja akudwala kale ndipo akufuna mankhwala: wa dzino, wa msana, mayi wa mwana wotsegula m'mimba. Akafika pa geti n'kuuzidwa kuti lero n'kuyeza kokha, amabwerera ali okwiya, ndipo pofika madzulo nkhani yafala m'mafulati monse kuti anatinamiza.

Choncho musanalembe china chilichonse, khalani pansi ndi sisita woyang'anira kilinikiyo muwerengetsere limodzi kuti tsikulo lingathe kutumikira anthu angati. Tiyeni tiyese ndi zimene mwandipatsa. Tinene kuti mukuyamba 8 koloko m'mawa n'kuweruka 1 koloko masana, ndiye kuti ndi maola asanu. Nesi woyeza khomo la chiberekero amafunika mphindi pafupifupi 15 kapena 20 pa mayi mmodzi, chifukwa pali kufotokoza, kuti mayi akonzeke, kupaka viniga pa khomo la chiberekero, kudikira kamphindi, kuyang'ana, kujambula ndi kulemba. M'maola asanu adzaona azimayi 15 mpaka 20, osapitirira, ndipo apo ndiye kuti sanamwe n'tiyi yemwe. Nesi woyeza HIV, pophatikiza uphungu ndi kudikira zotsatira, nayenso sangapitirire patali ndi chiwerengero chomwecho. Manesi awiri otsalawo akakhala pa BP ndi shuga, munthu aliyense mphindi zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, adzakwanitsa anthu 100 kapena kupitirira pang'ono, ndipo apo timizere tanu tatha. Mafunso a TB angafunsidwe pa mzere pomwepo ndi alangizi a zaumoyo a m'dera. Mukaona chonchi mudzazindikira kuti kugawa timapepala 1,000 tolembedwa "aliyense" n'kudzitchera msampha. Ntchito ya kapepala ndi kubweretsa anthu 100 oyenera, ndipo kusankhako kumayambira pa mawu amene mwalemba.

Ndiye oyenerawo ndani, ndipo muwatchule bwanji? Atchuleni mwa zinthu zimene munthu amadzidziwa yekha, monga zaka zake, zimene akumva m'thupi, ndi za pa banja pake. Pa BP ndi shuga, lembani kuti akuluakulu a zaka 40 kupita m'tsogolo, amene kwawo kuli wodwala shuga kapena BP, ndi amene sanayezetse chaka chathachi. Zaka 40 si malire okhomereredwa, sisita angakonde 35 kapena 30, ndipo muyendere zimene iye wanena. Chofunika n'chakuti pakhale nambala. Pa TB, tchulani zizindikiro: kutsokomola kwa masabata awiri kapena kupitirira, kutuluka thukuta usiku, kuwonda popanda chifukwa chodziwika, komanso kukhala nyumba imodzi ndi wodwala TB. Kuno kwathu, kumene banja lonse limagona m'chipinda chimodzi ku mafulati a Matapi kapena a Nenyere, mzere womalizawu ndi wofunika kwambiri. Ndingawonjezerenso amene anagwirapo ntchito mu mgodi, chifukwa fumbi la miyala limawononga mapapo ndi kutsegulira TB njira, ndipo ambiri mwa madala athu olankhula Chichewa moyo wawo anauthera ku migodi asanabwere kudzakhala ndi ana ku Harare.

Pa khomo la chiberekero, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti azimayi ayambe kuyezetsa pa zaka 30, ndipo amene ali ndi HIV ayambe pa zaka 25. Apa pali msampha wina. Mukalemba pa kapepala kuti "azimayi a zaka 30, ndi a zaka 25 amene ali ndi HIV", mtsikana aliyense wooneka wachichepere amene adzaime pa mzerewo mwamuulula pamaso pa anansi ake. Funsani sisita ngati angalole kungolemba kuti "azimayi a zaka 25 mpaka 49", za HIV zikafunsidwe m'chipinda chotseka. Malire a pamwambawo alipo chifukwa mayi akasiya kusamba, malo amene nesi amafuna kuona amalowa m'kati, ndipo njira ya viniga siwaonetsa bwino. Agogo oterowo salandidwa mwayi, amangofunika njira ina yoyezera, ndipo nesi adzawauza kopita. Dzina la njira ya viniga imeneyi, lakuti VIAC, liikeni, chifukwa ndi limene azimayi a kuno amalimva ku makiliniki, koma liime pambali pa mawu a Chichewa. Mawu oti "khansa" musawaike m'zilembo zazikulu pamwamba. Kwa ambiri amamveka ngati chigamulo cha imfa, pomwe kuyezaku kumafuna kupeza kusintha kumene sikunafike pa khansa, kumene kumachizika msanga.

Tsopano mawu oti "kwaulere". Wowerenga amawatambasula mpaka pamene iye akufuna. Kwa iye ulere ukutanthauza kuti khadi salipira, kuyeza salipira, mankhwala salipira, ndipo akatumizidwa ku chipatala chachikulu kumenekonso salipira. Funsani mafunso anayi onsewa ndipo mulembe zoona zake. Ngati ndalama ya khadi imene anthu amalipira masiku ena sidzakhalapo, nenani poyera kuti "simulipira ngakhale ya khadi", chifukwa ndi imene imabweza anthu pa geti. Ngati mankhwala a BP ndi shuga sadzaperekedwa tsikulo, lembaninso poyera. Anthu ena a m'makomiti amakana mzere umenewu, ati uchepetsa anthu. Ine ndimati auchepetse, chifukwa amene wachotsedwa ndi uja akanabwera kudzakangana ndi nesi. Ndipo musalembe kuti "mudzadziwa matenda anu". BP ikapezeka pa 140/90 kapena kupitirira tsiku limodzi, nesi amafuna kuiyezanso tsiku lina asananene kuti munthu ali ndi matendawo. Shuga wa pa chala nayenso amangoloza amene akufunika kuonedwanso. Kapepala kanene kuti amene adzapezeke ndi vuto adzapatsidwa tsiku lobweranso kapena kalata yopita nayo kuchipatala.

Pali chinthu china chimene a Chishona mwina sanachiganizire pa kapepala kawo, koma pa kathu sichingasowe, ndicho chitupa. Ngakhale malamulo aakulu a dziko a 2013 anatsegula njira ya unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene makolo awo anachokera m'maiko a m'chigawo chino cha Africa monga Malawi, Mozambique ndi Zambia, alipobe ambiri pakati pathu amene alibe chitupa, kapena akusungabe chakale chija chowalemba kuti ndi alendo. Munthu wotere amapewa malo alionse amene pali tebulo ndi kaundula. Ngati sisita watsimikiza kuti chitupa sichidzafunsidwa, mawu atatu akuti "chitupa sichikufunika, bwerani" adzakubweretserani anthu amene palibe kapepala kena kangawabweretse. Ngati chidzafunsidwa, musalonjeze.

Za tsiku ndi nthawi sindichedwapo, koma "kuyambira m'mawa" si nthawi. Wina m'mawa wake ndi 5 koloko, wina ndi 11. Lembani dzina la tsiku, deti ndi mwezi m'mawu, osati 14/03, ndipo muikepo chaka, chifukwa chithunzi cha kapepala chimazungulira pa WhatsApp ngakhale chaka chitatha. Yang'anani pa kalendala kuti 14 Malichi ndi Lowerukadi. Mu 2026 ndi choncho. Kenaka lembani nthawi ziwiri, yoyamba ndi yosiya kulemba maina. Ngati manesi akuweruka 1 koloko, kulemba maina kuthe 12 koloko, apo ayi wofika 12.55 adzanena kuti wafika pa nthawi yake, ndipo adzakhala akunena zoona. Loweruka lili ndi ubwino wakuti a ntchito za m'mafakitale ndi abale athu Achisilamu amene Lachisanu amapita ku mzikiti adzapezeka, koma a Sabata sadzabwera, ndipo ogulitsa ku Musika m'mawa wa Loweruka ndiye nthawi ya ndalama. Tsiku simungalisinthe tsopano, koma mzere umodzi wonena kuti kuyeza kwina kumachitikanso masiku ena pa kiliniki yomweyo, ngati ndi zoona, udzawathandiza.

Malo nawo "pa kiliniki" sikokwanira. Mbare ndi yaikulu ndipo malo a zaumoyo alipo angapo, ena a khonsolo, ena a mabungwe, ena a anthu. Lembani dzina lonse monga lalembedwera pa chikwangwani, msewu wake, ndi chizindikiro chimodzi chimene wotsika kombi angachione, kenaka geti lolowera. Dzina la malo musalimasulire m'Chichewa. Munthu akafunsa njira adzafunsa Mshona, ndipo ayenera kutchula dzina limene Mshonayo akulidziwa.

Mzere wina umene makomiti amakonda kuwonjezera okha ndi wakuti "bwerani musanadye". Chonde musaulembe pokhapokha manesi ataupempha. N'zoona kuti pali kuyeza shuga kumene kumafuna kuti munthu akhale maola asanu ndi atatu osadya, ndipo pamenepo nambala ya 7.0 kupita m'mwamba ndiyo imakayikitsa. Koma pa tsiku la chigulu ngati ili nthawi zambiri amayeza shuga wa nthawi iliyonse, kumene amayang'ana 11.1. Tsono taganizirani gogo amene ali kale pa mankhwala a shuga. Wawerenga kuti asadye, wamwa mapiritsi ake 6 koloko m'mimba muli gwaa, wayenda wapansi, waima pa dzuwa mpaka 10 koloko. Shuga wake amatsika, amayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta, mwina kugwa kumene pa mzere. Lembani kuti adye ndi kumwa mankhwala monga mwa masiku onse, ndipo abwere ndi mankhwalawo ndi khadi kapena kabuku kake ka kuchipatala. Mapaketi a mankhwala amauza nesi zambiri kuposa zimene gogo angakumbukire.

Tikasonkhanitsa zonsezi, kapepala kanu kangaoneke motere. Malo amene ndasiya madontho mudzaze nokha.

KUYEZETSA KWAULERE: BP, SHUGA, TB, HIV, KHOMO LA CHIBEREKERO

Loweruka, 14 Malichi 2026
8 koloko m'mawa mpaka 1 koloko masana. Kulemba maina kutha 12 koloko.
Malo: … , msewu wa … , moyang'anana ndi … . Lowerani pa geti la … .

Bwerani ngati:
muli ndi zaka 40 kapena kupitirira, kapena kwanu kuli wodwala BP kapena shuga;
mwatsokomola masabata awiri, mukuwonda, mukutuluka thukuta usiku, kapena mumakhala ndi wodwala TB;
ndinu mayi wa zaka 25 mpaka 49 (kuyeza kwa VIAC ndi kwa azimayi 20 oyamba, ena adzapatsidwa tsiku);
mukufuna kudziwa za HIV. Zotsatira ndi zanu nokha.

Simulipira kalikonse, ngakhale ya khadi. Chitupa sichikufunika.
Idyani ndi kumwa mankhwala monga mwa nthawi zonse. Tengani khadi lanu la kuchipatala.
Tsikuli ndi loyeza. Wopezeka ndi vuto adzauzidwa kopita.
Mukadwala kwambiri musadikire Loweruka, pitani kuchipatala lero.
Mafunso: … 

Muona kuti "Chidziwitso!" ndachotsa. Pa khoma la pa shopu pali zidziwitso makumi awiri, za maliro, za aneneri, za ngongole, ndipo diso la wodutsa limaima pa mawu oyamba okha. Mawu oyambawo akhale chinthu chenichenicho. Mwambi wanu wa thanzi ndi chuma nawonso ndauchotsa. Ulibe choipa, koma wadya malo a geti lolowera. Muonanso kuti HIV ndaiika pakati pa zina, osati payokha pamwamba. Zikakhala pamodzi, munthu amene wabwerera HIV yekha amatha kuuza mnansi kuti akukayezetsa BP, ndipo ambiri amafika ku tebulo la uphungu kudzera njira imeneyo. Pa chifukwa chomwecho pemphani kuti tsikulo aliyense alowere khomo limodzi ndi kuyamba pa BP. Kapepala kakalonjeza chinsinsi koma tenti ya HIV ili payokha pabwalo ndi chikwangwani chake, lonjezolo lafa.

Mzere wa odwala kwambiri ena amauona ngati wosafunika. Ndimaukakamira chifukwa ndi wokhawo pa kapepala umene ungapulumutse munthu sabata yomweyo. Banja lopanda ndalama likamva kuti Loweruka kuli zaulere, limasunga wodwala m'nyumba kudikira tsikulo, ngakhale akutsokomola magazi, akubanika, kapena mbali imodzi ya thupi yafooka mwadzidzidzi. Kukhala ndi malo, tchulani zizindikiro zitatuzi. Kupanda malo, mzere waufupiwo usachoke.

Nanga azimayi 20 oyamba aja, kodi kulemba choncho sikuthamangitsa ena? Kumachepetsa, inde. Koma mayi amene wasiya malonda ake, wasamba, wadzilimbitsa mtima sabata yonse kuti akavule pamaso pa nesi, kenaka 12 koloko n'kuuzidwa kuti malo atha, sabweranso chaka chino. Amene wadziwiratu kuti mwina adzangopatsidwa tsiku amabwera wokonzeka. Ngati manesi akufuna kuti mayi amene ali kumwezi kapena woyembekezera adzabwere tsiku lina, uwonjezereni ku mzere womwewo m'mawu ochepa, "amene ali kumwezi adzapatsidwa tsiku lina". Za ulemu wa mawu musade nkhawa. "Khomo la chiberekero" ndi "kumwezi" amawerengeka m'tchalitchi popanda wina kuweramitsa mutu.

Pa Chichewa chenichenicho, kumbukirani amene adzawerenge. Ambiri obadwira kuno amalankhula Chichewa kunyumba ndi ku maliro, koma kusukulu anawerenga Chishona ndi Chingerezi, ndipo Chichewa cholembedwa amachiona m'Baibulo ndi m'buku la nyimbo basi. Agogo amene Chichewa chawo n'chakuya, ambiri maso anafooka kapena sawerenga n'komwe. Ndiye kapepala aka nthawi zambiri kadzawerengedwa mokweza, ndi mdzukulu kwa agogo ake, ndi mkulu wa mpingo pa zolengeza, ndi mlembi wa beliyo pa msonkhano wa mwezi. N'chifukwa chake ziganizo ndazidula zifupizifupi, ndipo ndalemba BP, shuga ndi TB m'malo mwa "kuthamanga kwa magazi" ndi "chifuwa chachikulu". Ngati n'kotheka, Chichewa chikhale mbali imodzi ya pepala, Chishona mbali inayo, ndipo muonetsetse kuti nthawi, zaka ndi malo n'zofanana mbali zonse. Zimachitika kuti wina akakonza nthawi pa chilankhulo chimodzi amaiwala chinacho, anthu n'kufika m'magulu awiri, lililonse ndi pepala lake m'manja.

Posindikiza, pepala la A4 lodulidwa pakati limakwana kugawa m'manja, ndipo lathunthu ndi lomata pa khoma. Zilembo zikhale zakuda pa pepala loyera kapena lachikasu, zazing'ono kwambiri zisachepere 14 pa kompyuta. Mawu olembedwa pamwamba pa chithunzi amasanduka mdima akadutsa pa fotokope. Zizindikiro za mabungwe othandiza zipite pansi. Musaike chithunzi cha munthu wa m'dera, ngakhale atavomera, chifukwa nkhope yake pambali pa mawu oti HIV idzamutsata. Nambala ya foni ikhale ya kiliniki kapena ya wa komiti amene wavomera kuti aziyankha, osati ya nesi yapayekha. Potumiza pa WhatsApp, lembaninso tsiku, nthawi ndi malo m'mawu pansi pa chithunzi, chifukwa amene bandulo yamuthera satsitsa zithunzi. Uthenga wa mawu wa theka la mphindi, wowerenga kapepala komweko, umafika kwa agogo kuposa zonse.

Musanapereke ndalama kosindikiza, sisita awerenge ndi kuvomereza mzere uliwonse, chifukwa malonjezo onsewa adzawasenza ndi iye. Kenaka sindikizani kapepala kamodzi kokha, mukapatse anthu atatu amene sali mu komiti: gogo, bambo wa ku Musika, ndi mtsikana wa zaka za m'ma 20. Aliyense akaone kwa kanthawi, mukatenge, mumufunse kuti ndi liti, ndi kuti, iyeyo akuyenera kupita kapena ayi, ndipo atenge ndalama zingati. Bamboyo akayankha kuti "ndi za azimayi izi", kwezani mzere wa BP ndi zaka 40 ndipo muukulitse. Gogo akafunsa ngati adzalandira mapiritsi, ndiye kuti mzere wakuti tsikuli ndi loyeza sunamveke, ulembeni mosabisa kuti mankhwala sadzaperekedwa. Mukakonza, gawani kutatsala masiku khumi kuti kapepala kadutse Lachisanu ku mzikiti ndi Lamulungu limodzi ku matchalitchi, ndipo mukumbutsenso pa foni Lachinayi la sabata yomweyo.